Matumba a m'Pikapu ya Wamazira

Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi mkazi wake, achemwali ake, mwinanso amene anamulembera laisensi. Kwa ena onse anali Wamazira, ndipo ngakhale ana ake kusukulu ankangotchedwa ana a Wamazira. Ntchito yake sinali yovuta kufotokoza. M'mawa ankapita ku famu ya nkhuku kunja kwa tauni, kukapikula mazira, n'kumawasiya m'magolosale, m'malo omwera tiyi ndi kwa mayi wina wophika makeke. Mawa lake chimodzimodzi. Anali munthu wamfupi, waukhondo, wodana ndi mikangano, woyenda mosamala ngati wanyamula thileyi ngakhale m'manja mulibe kanthu. Mowa sankamwa, za eni sankagwira. Matenda ake anali amodzi okha: sankapirira kuonedwa wochepa.

Amene anamulera anali achemwali ake. Makolo atamwalira iye akadali mwana wa mamina, achemwali akewo anakhazika makina osokera pakhonde la sitolo ina, n'kumasoka mayunifolomu ndi kuika zigamba pa mathalauza a anthu mpaka mlongo wawoyo anamera ndevu. Amuna awo atamwalira, njinga ya malemuyo anaipereka kwa iye, ndipo ndi njinga imeneyo imene anayambira geni ya mazira, mathileyi atamangidwa ndi mphira pakaliyala. Achemwaliwo anali munthu wosadziwa kupempha. Ngakhale mchere ukatha, ankadya ndiwo zosakolera kusiyana n'kukagogoda kwa aneba. Maso atayamba kuwakanika kulowetsa ulusi pasingano, sanadandaulire munthu. Anagulitsa makinawo, anatchinga kakhitchini kawo ndi waya, n'kuyamba kuweta nkhuku zanyama.

Wamazira atachoka panjinga anagula kagalimoto kakang'ono, kaja kodula kumbuyo, kamene chitseko chake chakumbuyo chimatsekukira m'mwamba. Kanali kobiriwira, ka maso otuzuka, choncho ana a m'deralo anakatcha Kachule. Kunena zoona, Kachule kanali ngati kobadwira mazira. Ukapinda mipando yakumbuyo pankapezeka malo osalala okwana mathileyi onse a tsikulo. Masipuling'i ake anali ofewa, moti pa bampu kankangonyang'ama pang'ono n'kudutsa. Mvula ikagwa mazira anali m'nyumba, dzuwa likaswa mtengo anali pamthunzi. Akafika pagolosale ankakhoma zitseko n'kulowa kukacheza ndi mwini shopu mtima uli m'malo. Petulo kankanyambita chabe. Ndipo m'tinjira topanikizika ta kuseri kwa msika, mmene makasitomala ake ambiri anali, kankalowa mpaka pakhomo penipeni. Mkazi wake nayenso anaphunzira kukayendetsa, ndipo masana ndiye ankakasiya mazira kwa mayi wa makeke uja.

Ndiye chinavuta n'chiyani? Pageti pa famu paja.

M'mawa uliwonse opikula ankandanda pageti kudikira kuti atsekule. Panali mapikapu atatu kapena anayi a anthu onyamula zinthu zolemera: wina ankatenga manyowa a nkhuku, wina matumba a chakudya cha ziweto, wina makhireti a nkhuku zamoyo. Anthuwa ankaima atatsamira magalimoto awo, makiyi akulendewera pa lamba, mawu awo akuluakulu. Mlonda wa pageti akawaona ankaimika dzanja pachipumi n'kunena kuti, "Lowani, bwana." Kachule kakafika, mlonda yemweyo ankangokodola ndi chala osadzuka n'komwe pampando wake: "Tiyeni, aphwanga."

Aphwanga! Mawu amenewa Wamazira ankapita nawo kunyumba, kudya nawo, kugona nawo. Tsiku lina wa manyowa uja anazungulira Kachule, n'kukagogoda padenga ndi chala.

"Akulu, kameneka mumakachita kuvala kapena kukwera? Mwabwereka kwa alamu eti? Bwezani msanga asanafune kupita kusaluni."

Onse anafa nacho chikhakhali. Wamazira anaseka nawo, koma m'makutu munali moto.

Madzulo ake anayambitsa nkhaniyo mozungulira, monga amachitira amuna akakhala kuti aganiza kale.

"Amayi, geni ikamakula imafuna galimoto yoti ikule nayo."

Mkazi wake anali akusita malaya a ana. Sanatukule mutu. "Yakula liti, bambo? Mathileyi ndi omwe aja. Kapena nkhuku zayamba kuikira mazira a njerwa?"

"Inu simuona patali. Pikapu imanyamula tani yonse."

"Nanga ife tili ndi tani? Katundu wathu yense kulemera kwake sikupitirira anthu awiri onenepa. Ndipo m'kanjira ka kwa mayi wa makeke chigalimoto chimenecho chikalowa bwanji? Komanso ine magiya a pamanja sindiwatha, mukudziwa."

"Muphunzira."

"Chabwino," anatero mkaziyo, ndipo anatembenuza malaya. Amene anakhalapo pabanja amadziwa kuti "chabwino" wamtundu umenewu sakhala wabwino.

Mwezi usanathe Kachule kanagulitsidwa kwa mphunzitsi wina, ndalama zonse zimene ankasunga zinathiridwa pamwamba, ndipo pakhomo panaima pikapu yoyera ya dizilo, yakale ndithu koma yooneka bwino ikatsukidwa. M'mawa wotsatira mlonda wa pageti anadzuka pampando, chipewa chinatsala pang'ono kugwa. "Lowani, bwana!" Wamazira anamva kukoma kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi.

Kukomako kunathera pa golosale yoyamba. Msewu wochokera ku famu unali wa miyala ndi maenje, ndipo pikapu ija inkadumpha kumbuyo ngati mwana wa ng'ombe. Iye kutsogolo ankangoti ndi mphamvu za galimoto. Atavundukula lona anapeza mathileyi apansi ali chinyezi, achikasu akutsetsereka m'mizere ya chitsulo, ntchentche zitayamba kale kuitanizana. Mwini golosale anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Wamazira, lero mwatibweretsera okazinga kale?"

Anayesa kuyenda pang'onopang'ono, mpaka anthu a panjinga ankamupitirira akuimba belu. Anayala matiresi akale pansi, zinachepako koma sizinathe. Mvula itagwa madzi analowa m'mbali mwa lona, mathileyi a mapepala aja anafewa, mulu wonse n'kupendama. Akalowa m'shopu maso ankakhala ali panja, chifukwa katundu wa pambalambanda aliyense wodutsa akhoza kupisapo dzanja. Kuseri kwa msika pikapu sinkalowa, choncho ankaisiya kumsewu waukulu n'kumanyamula mathileyi pamanja, thukuta lili kamukamu. Ndipo pothira mafuta, ndalama imene Kachule kankayendera masiku angapo, chigalimotochi chinkaimeza ngati madzi akumwa. Kunyumba ana anadya mazira osweka m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka wamng'ono anayamba kulira akangomva poto akulira pamoto.

Pomaliza anapita kwa makaniko, n'kumuuza kuti galimoto ili ndi vuto kumbuyo. Makanikoyo anagwada, anasuzumira pansi, anakwera m'bodi, kumbuyo konyamulira katundu, n'kudumphadumpha. Pikapu sinagwedezeke n'komwe.

"Galimotoyi ilibe vuto, bwana. Taonani apa." Analoza zitsulo zazitali zosanjikizana pamwamba pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo. "Masipuling'i awa anawapangira katundu wolemera, simenti, njerwa, matumba a chimanga. Mukaisenzetsa imafewa, imayenda ngati boti. Ikakhala yopanda kanthu zitsulozi sizipinda, ndiye bampu iliyonse imafika yonse kwa katundu wanu. Inu mumanyamula chiyani?"

"Mazira."

Makaniko anamuyang'ana, n'kuyang'ana pikapu, kenako anapukuta manja pa ovolosi nthawi yaitali ndithu.

"Mazira okha?"

"Pakadali pano."

"Hmm. Mazira amafuna kagalimoto kofewa, kotseka. Koma poti mwagula kale, tichepetseko mpweya wa matayala akumbuyowa, anawapopa ngati mukukanyamula miyala. Kenako mupeze cholemera, kaya mchenga, muike pamwamba pa ekiselo pomwepa, chizikhala momwemo. Mazira muziika kutsogolo kwake, kufupi ndi kumene mumakhala inuko. Idzafatsa. Kungoti mafuta idzamwa ochulukirapo, poti mchenganso ndi katundu."

Malangizowo anali oona. Wamazira anapempha matumba otha ntchito ku famu kuja, aja a chakudya cha nkhuku okhala ndi chithunzi cha tambala wofiira, anakawathira mchenga kumene ankamanga nyumba ina, n'kuwagoneka pamwamba pa ekiselo. Pikapu inafatsadi, mazira osweka anachepa. Nkhani ikanathera pamenepo, bwenzi tikungoti munthu analakwitsa pogula galimoto, monga amalakwitsira ambiri.

Koma mchenga ndi wolemera kuposa chakudya cha nkhuku, moti thumba ukalithira theka lokha limakhala lakwana kale. Matumba aja anagona m'bodimo ali phwatalala, makwinya okhaokha, osasangalatsa m'maso. Loweruka lina Wamazira anakatenga utuchi kwa kalipentala, anadzazitsa matumba onse mpaka anatupa bwino, n'kuwasoka kukamwa ndi chingwe choyera, msoko wowongoka umene anaphunzira pakhonde la achemwali ake. Mkazi wake anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo, mchengawo ndamva kuti ndi wa masipuling'i. Nanga utuchiwo ndi wa chiyani?"

"Kuti matumba asamagubuduke."

"Ooh. Ndiye tambalayo mwamuyang'anitsa kunja kuti aziona njira?"

Wamazira anakoka lona n'kufunditsa, koma mbali imodzi anaisiya yotukuka pang'ono.

Lolemba mlonda wa pageti anaona matumbawo. "Bwana, mwayambanso ya chakudya cha nkhuku?"

Apa Wamazira sananame, ndipo kwa nthawi yaitali ankadzitonthoza ndi mfundo imeneyi. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono, akulu." Basi. Mbiri inayenda yokha. M'magolosale anayamba kumuuza kuti asawaiwale akalemera. Wa manyowa uja anayamba kumupatsa moni wa pamanja. Kutchalitchi anamuika m'komiti yomanga mpanda. Munthu ankazungulira tauni yonse tsiku lililonse, kuwotcha dizilo kunyamula mchenga wa eni ake, m'thumba muli mbee, koma akutchedwa bwana.

Achemwali ake anabwera Lamlungu masana. Anayenda wapansi kuchokera kwawo, kutsidya kwa njanji, atavala diresi yawo ya kutchalitchi ndi nsapato za pulasitiki. Anamwa tiyi, anafunsa za sukulu ya ana, anayamikira makatani. Wamazira anaona kuti kapu akuizunguza m'manja ngakhale tiyi anatha kalekale. Potsanzika anamupempha kuti awaperekeze, ndipo atafika pamene panaima pikapu anaima.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, maso ali pa tayala. "Ndili ndi kanthu koti ndikuuze, koma pakamwa pakulemera. Nkhuku zanga zija zatsala pang'ono kukwana zogulitsa. Ndiye nthawi imene zimadya ngati dzombe. Chakudya chandithera, ndipo amene anatenga nkhuku za ulendo watha sanandipatsebe ndalama. Ndimati undibwereke thumba limodzi mwa awa. Ndikagulitsa ndidzabweza, sindidya chako."

Chikhalireni, mayi ameneyu anali asanamupemphepo Wamazira ngakhale singano. Ndalama yoti n'kukawagulira thumba kusitolo analibe. Imene inali m'nyumba inali ya mazira a mawa ndi dizilo. Chimene chinkafunika chinali chaching'ono: kutukula lona, kumasula chingwe, n'kunena kuti achemwali, taonani uchitsiru wa mlongo wanu. Akanaseka, mwina akanamukalipira, n'kutha. Mawuwo anafika pakhosi. Koma anaona mmene achemwali akewo ankayang'anira pikapuyo, monyadira, ngati ndi mwana wawo amene wakhoza mayeso.

"Achemwali," anatero, "matumba amenewa ndi a eni. Analipira kale. Sindingachotsepo."

"Ngakhale limodzi?"

"Anawerenga."

Achemwali ake anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ayi, ndamva. Za eni n'za eni. Usadandaule." Anakonza mpango wawo kumutu, ngakhale unali bwinobwino. "Bwerera, alamu akudikira. Njira ndikuidziwa."

"Ndikakusiyeni pagalimoto."

"Usawononge mafuta."

Atalowa m'nyumba anapeza mkazi wake ali pawindo. Anali atamva zonse. Sanakalipe, sanaseke, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Anangotola makapu, n'kunena ali chofulatira kuti, "Mayi amene uja ndi amene anakuphunzitsani msoko umene mwasokera matumbawo."

Wamazira analumbira mumtima kuti pofika Lachitatu agula thumba lenileni n'kukawasiyira. Lachiwiri tayala lakumbuyo linaphulika, ndipo tayala la pikapu mtengo wake si wa tayala la Kachule. Kenako mayi wa makeke anatumiza uthenga kuti wapeza wina womubweretsera mazira mpaka pakhomo nthawi yake. Lachitatu linadutsa, Lachisanu linadutsa. Ankatulutsa foni, kuyang'ana nambala ya achemwali ake, n'kuibweza m'thumba. Akamadutsa njira ya kufupi ndi njanji ankakhotera kwina, ngati munthu wothawa apolisi.

Anakumana nawo sabata yotsatira, dzuwa lili paliwombo, pamsewu wochokera ku sitolo ya zaulimi. Anawazindikira ndi kayendedwe, kotsimphina pang'ono mwendo wamanzere. Pamutu anali atasenza thumba la theka, la tambala wofiira yemwe uja, khosi litalowa m'mapewa. Magalimoto ankawathira fumbi. Wamazira akanatha kudutsa, ndipo tisabise, phazi lake linaganizako zimenezo. Koma anaima.

"Achemwali! Kwerani."

Anatembenuka thupi lonse, monga amachitira munthu wosenza katundu. "Ndi iwe? Pita, ungachedwetse katundu wa eni."

"Chonde, achemwali."

Anamuyang'ana kanthawi, kenako anayandikira. Iye anatsika mothamanga kuti awatule yekha, koma anachedwa. Achemwali ake anali atafika kale m'mbali mwa bodi, napendeketsa mutu, thumba lawo n'kugwera pamwamba pa matumba aja kuti thii. Matumbawo anali atakhala miyezi padzuwa ndi mvula, mbali ija yosafundidwa inali itafumbwa. Limodzi linang'ambika pamimba penipeni pa tambala. Utuchi unabuka, kenako mchenga unayamba kutsika mwakachetechete, n'kumadutsa pampata wa chitseko chakumbuyo kugwera pamsewu.

Achemwali ake anatambasula dzanja, natapa, naufikisa ndi zala pafupi ndi maso awo ofookawo. Anagwira thumba lachiwiri, nalitsina. Lachitatu chimodzimodzi.

"Eni ake a mchengawu ndi ndani?"

Wamazira anafuna nthaka itang'ambika. Anayamba kufotokoza za masipuling'i, za ekiselo, za makaniko, za mazira osweka, mawu akuphonyana m'kamwa ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Ananena za dizilo, za tayala, za mayi wa makeke. Ananena kuti kunyumba zinthu sizili bwino, kuti chigulireni galimotoyi sanaonepo phindu. Zonse zimene anabisa miyezi yonseyi anazikhuthula pamsewu pomwepo, anthu a panjinga akudutsa n'kumacheuka.

Achemwali ake anamvetsera mpaka anamaliza. Anasasa mchenga m'manja.

"Nkhuku zafa zinayi," anatero. "Zinayamba kujomphana ndi njala. Zotsalazo zaonda, ndigulitsa motchipa. Koma zimenezo si kanthu, nkhuku zimafa. Ukudziwa chimene chandidwalitsa? Sabata yonseyi ndakhala ndikufufuza mumtima mwanga kuti mwana uja ndinamulakwira pati. Ndinakumbuka tsiku limene ndinakumenya ndi tepi yoyezera utaba chenji. Ndinakumbuka chaka chimene unapita kusukulu wopanda nsapato. Ndimati mwina anasunga. Ndinafika popempha Mulungu kuti andikhululukire ngati ndinakulera mokhadzula."

"Achemwali, ayi…"

"Ndisiye ndimalize. Ukanati ulibe, ine ndikanadabwa chiyani? Umphawi ndi wachilendo kwa ine ndi iwe? Tinagona pa mkeka umodzi, tinafunda nsalu za makasitomala. Koma iwe unaona kuti kuli bwino ndikuyese woipa mtima kusiyana n'kuti ndikuyese wosauka."

Wamazira anangoti zyoli, maso ali pa mulu wa mchenga umene unkakula pafupi ndi tayala. Bambo wa ana atatu, wa m'komiti ya mpanda, misozi inali mbwembwembwe.

"Tsegula chitseko," anatero achemwali ake. "Mwendo ukundipweteka."

Anawaperekeza mpaka kwawo. Ngakhale kumeneko pikapu sinathe kufika pakhomo, choncho anaisiya panjanji n'kusenza yekha thumba la theka lija. M'kakhitchini muja nkhuku zinathamangira kuwaya, zina zili ndi zilonda kumsana. Achemwali ake anazithirira chakudya, nazithirira madzi, osamuuza kuti akhale pansi.

Pikapu anaigulitsa kwa munthu wina woumba njerwa za simenti, amene mpaka lero amaitamanda kuti sanaonepo galimoto yomvera chotere. Inapita motsika mtengo, poti wogulitsa mothamanga sasankha. Mphunzitsi uja anakana kubweza Kachule, ndipo ndani angamunene? Wamazira anapeza kena kamtundu womwewo, kotuwa, kachikulire, ka chitseko chakumbuyo chofuna kuchirikiza ndi ndodo ukatsegula. Pageti pa famu anabwerera pa "aphwanga", wa manyowa anapezanso pomusekera, ndipo mayi wa makeke sanabwererenso. Mkazi wake anatenganso makiyi a masana osanena kuti ndinakuuzani, ngakhale nkhope yake inkanena momveka bwino.

Patapita miyezi ingapo, geni itayamba kupumako, achemwali ake anaikanso anapiye ena. Wamazira sanadikire kupemphedwa, chifukwa ankadziwa kuti sadzapemphedwanso. Anapita ku sitolo ya zaulimi, anagula thumba lathunthu, analigoneka m'kagalimoto kotuwa kaja pamene pamakhala mipando, n'kuyendetsa mpaka pakhomo penipeni pa achemwali ake. Anawapeza akutsuka zomwera za nkhuku.

"Achemwali, ndabweretsa kachakudya ka anapiyewa. Si ngongole ayi."

"Wachita bwino. Zikomo," anatero mwaulemu, ulemu umene ankapatsa makasitomala pakhonde paja. "Ika apo."

Analitsitsa n'kuliimika pafupi ndi chitseko. Ankayembekeza kuti mwina aseka, amutchula dzina lake la ubwana, amufunsa ngati wadya. Achemwali ake anapukuta manja pa nsalu, analowa m'nyumba, natuluka ndi sizasi yawo yakale ya utelala. Anadula msoko wa thumbalo iye ali chiimire pomwepo, napinda mkono wa bulauzi, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono.